Fikani kaye pansi pa dengu

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi mkangano, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mundida nawo. Ndikufuna kulimbana ndi chizolowezi chimene chamera mizu pakati pa ife amene timadziwako Chingerezi ndipo timapemphedwa kumasulira zolemba. Munthu akangopatsidwa pepala, amayang'ana mzere woyamba, n'kuvundukula bolopeni, n'kuyamba kulemba Chichewa chake pomwepo. Tsamba lachiwiri akuti adzaliona akafikako. Akamaliza amadzitama kuti wagwira ntchito mwachangu. Ine ndikuti kumeneko si kumasulira ayi, n'kulosera. Ndipo sindikunena izi ngati munthu woyera m'manja, chifukwa inenso ndinachitapo, ndipo amene analipira mtengo wake ndi amayi anzanga.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Limbe. Sukulu ndinalekezera Fomu 4, ndiye pamzere wathu wa mabenchi kalata iliyonse ya Chingerezi imathera m'manja mwanga. Tomato ndimakapikula ku Bvumbwe, ndipo aliyense amene anapikulapo tomato akudziwa kuti pamwamba pa dengu pamakhala akuluakulu, osalala, ofiira bwino. Timagulu tating'ono ndi ophwanyika amakhala pansi. Palibe mayi wa geni amene amatchula mtengo asanapise dzanja mpaka pansi. Koma mayi yemweyo, ine amene, ndinatchula mtengo wa chikalata cha masamba asanu nditangoona pamwamba pake.

Nkhani yake inali motere. Tinapanga gulu la amayi khumi kuti tikatenge ngongole kubungwe lina lobwereketsa ndalama, aliyense K200,000, kubweza m'masabata 16. Anatipatsa chikalata cha Chingerezi kuti tikachione, tidzasaine Lachisanu. Amayi anati, "Asisi, tilembereni m'Chichewa kuti ifenso timve." Ndinagula kope, ndipo usiku wa Lachitatu ndinayamba, mzere ndi mzere, kuchokera pamwamba. Usiku umenewo ndinamaliza masamba awiri. M'mawa mwake ndinawawerengera amayi masamba awiriwo, tikudikira makasitomala. Masamba atatu otsalawo ndinalemba usiku wa Lachinayi, maso akulemera, ndipo Lachisanu m'mawa ndinawawerenga mothamanga, minibasi ikutidikira. Mitima ya anthu inali itagamula kale dzulo lake.

Tsopano tamverani zimene zinali m'masamba awiri oyambawo. Tsamba loyamba linalembedwa mokoma, ngati mmene amalankhulira otsatsa malonda pawailesi: kwezani bizinesi yanu, ife ndife abwenzi anu. Ine ndinatengera mawu omwewo, Chichewa changa chinatuluka chofewa, chonyengerera. Ndinkaganiza kuti ndikumasulira pepala loitanira anthu. Koma kumapeto kwa tsamba lachisanu kunali mizere khumi yosainapo kapena kudindapo chala, ndi mzere wa mboni. Pepala lokhala ndi malo a mboni si loitanira anthu, ndi pangano, ndipo lingathe kukakumangani kukhoti. Cholinga cha chikalata chonsecho chinabisala patsamba lomaliza. Ndikanayamba ndaliona, sindikanalola liwu limodzi lonyengerera kulowa m'kope langa popanda kulipima, chifukwa m'pangano liwu lililonse limakhala ndi mtengo wake.

Liwu loyamba limene linandigwetsa ndi laling'ono kwambiri, kaliwu ka Chingerezi kaja kamene timakatchula kuti yu. Kaliwu kameneka sikasankha. Mwana ndi yu, mfumu ndi yu, munthu mmodzi ndi yu, khamu lonse ndi yu. Chichewa sichilola ulesi woterowo. Muyenera kusankha pakati pa iwe ndi inu, ndipo mukasankha inu muyenera kudziwabe ngati ndi inu waulemu wa munthu mmodzi kapena inu wa anthu ambiri. Patsamba loyamba panali chiganizo chonena kuti yu adzabweza ndalama zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja. Ine ndinaona kuti kungolemba "mudzabweza" sikukumveka bwino, ndiye pofuna kuthandiza ndinalemba kuti, "Aliyense adzabweza ngongole yake." Chichewa chomveka bwino, eti? Amayi anagwedeza mitu. Aliyense ndi katundu wake, aliyense ndi ngongole yake.

Patsamba lachinayi panali ndime yofotokoza matanthauzo a mawu. Pamenepo eni chikalata analemba kuti paliponse pamene pali yu akutanthauza wobwereka aliyense payekha komanso gulu lonse pamodzi, ndipo mmodzi akalephera kubweza, bungwe lili ndi ufulu wotenga ndalama zonse zotsalazo kwa aliyense wa enawo. Ndiye kuti ka "yake" kanga kaja kanali bodza. Sikanali m'Chingerezi, ndinakaika ndine, chifukwa pa nthawi imene ndinkalemba ndinali ndisanadziwe kuti yu ndani. Ndime ya patsamba lachinayi ndinaimasuliranso, inde, koma m'Chichewa chopotana chimene inenso sindinkachimva bwino. Kope langa linakhala ndi mawu awiri otsutsana, ena omveka patsamba loyamba, ena osamveka patsamba lachinayi. Mukuganiza kuti amayi anasunga ati?

Liwu lachiwiri ndi lija timati sekyulite. Tonse timalidziwa, ndi alonda a pageti, ndi chitetezo. Patsamba lachiwiri analemba kuti aliyense apereke 10 peresenti ya ngongole yake ngati sekyulite, ndiye kuti K20,000. Ine ndinalemba kuti "ndalama ya chitetezo." Mayi wina anafunsa kuti chitetezo cha chiyani, ndipo mnzake anayankha ine ndisanatsegule pakamwa kuti, "Nanga si katundu akapsa kapena akabedwa?" Tonse tinavomereza. Misika imapsa, tonse tinaonapo. Tinaganiza kuti ndi inshuwalansi. Koma m'chilankhulo cha ngongole, sekyulite ndi chikole. Sateteza wobwereka, amateteza wobwereketsa. Patsamba lachinayi lomwe lija zinali poyera kuti ndalama imeneyi bungwe lidzaigwira ndipo lidzadulapo ngati gulu lalephera kubweza. Nditafika pamenepo ndinalemba bwinobwino kuti "chikole," osakumbuka kuti dzulo lake liwu lomwelo ndinalitcha chitetezo. Womvera anamva ngati zinthu ziwiri zosiyana: pali chitetezo chathu, palinso chikole china chake chimene sichinatchulidwe mtengo.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ichi ndi chizindikiro chimene mungagwirire womasulira aliyense amene sanawerenge kaye. Tengani ntchito yake, sankhani liwu limodzi lofunika limene likubwerabwera m'cholembedwa choyambirira, mulitsate kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukapeza kuti kumayambiriro lili ndi dzina lina, kumapeto lili ndi lina, dziwani kuti munthuyo ankaphunzira nkhaniyo akulemba. Chichewa chake chimakhala chosokonekera kumutu, cholongosoka kumchira. Ndaona zimenezi m'timapepala ta kuchipatala, m'malamulo a magulu, ngakhale m'nkhani zimene timatumizirana muno.

Za chiwongoladzanja sindichedwapo. Tsamba loyamba linangoti 5 peresenti, ndi kanyenyezi kakang'ono pambali pake. Kanyenyeziko sindinakasamale. Amayi anawerengera pamtima kuti 5 peresenti ya K200,000 ndi K10,000, basi yatha. Kanyenyezi kankaloza ku tsamba lachitatu, kumene kunali mawu akuti pamwezi, ndiponso kuti amawerengera pa ndalama yonse imene munatenga, osati pa yotsala. Miyezi inayi ndi K40,000. Kubweza K240,000, K15,000 sabata iliyonse. Izi tinazizindikira tili kale mu ofesi, ndipo tinangoti tafika kale, tisaine.

Sabata yachisanu mvula inagwa usiku, pepala lapulasitiki linang'ambika, ndipo usipa wa mayi mmodzi wa m'gulu lathu unanyowa matumba awiri. Anabwera pabenchi panga atanyamula kope lija, chala chili pa liwu loti chitetezo, m'zilembo zanga. Anati, "Asisi, tiyeni mundiperekeze ndikatenge chitetezo changa." Tinapita. Ofisala anatiyang'ana modabwa, n'kutitsegulira tsamba lachinayi. Iye sanalakwe kanthu, pepala lake linkanena zoona kuyambira tsiku loyamba. Mayiyo analimbikira kubweza mpaka sabata yachisanu ndi chimodzi, K90,000 yonse, kenako mpamba unatha ndipo anabwerera kumudzi. Panatsala K150,000. Bungwe linadula pa chikole chathu tonse, chimene pamodzi chinali K200,000. Panatsala K50,000 yoti tigawane anthu asanu ndi anayi. Aliyense amene ankayembekezera kulandiranso K20,000 yake analandira K5,500 ndi tichenji. Kwa inu a pamalipiro mwina ndi ndalama yochepa. Kwa mayi wogulitsa masamba ndi phindu la masiku angapo atakhala padzuwa.

Sindikunama kuti ndikanawerenga kaye usipa sukananyowa. Mwinanso tikanasainabe, chifukwa mpamba tinkaufuna. Koma tikanasaina tikudziwa kuti tikumangana miyendo. Tikanafunsana kuti kodi wakutiwakuti tikumudziwa kwawo? Ena akanatenga K100,000 m'malo mwa K200,000. Kusankha kumeneko kunali kwawo, ndipo ine ndinawalanda ndi bolopeni yanga. Masamba asanuwo, nditawawerenga pambuyo pake modekha, ananditengera mphindi zosakwana 30.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. Mukuti awa ndi mapepala a ngongole, ife kuno ndife a nthano ndi ndakatulo, zathu sizimangitsa munthu. Tiyeni tibwere kwanuko. Mwatenga nkhani yaifupi ya Chingerezi kuti muibweretse m'Chichewa. Wofotokoza nkhani akungoti ine, ine, ndipo m'ndime yoyamba akutchula sisita wake. Mulemba chiyani? Ngati wofotokozayo ndi mwamuna, ameneyo ndi mlongo wake. Ngati ndi mkazi, ndi mkulu wake kapena mng'ono wake, ndipo muyenera kudziwa amene anayamba kubadwa. Chingerezi chimatha kuyenda masamba khumi chisanakuuzeni kuti ine ameneyu ndi mwamuna kapena mkazi. Mudzati pali pothawira, tilemba mchemwali basi. Chabwino, m'tauni timaterodi, ndipo nthawi zina zimakwana. Nanga ankolo? Mwalemba kuti malume patsamba loyamba, ndipo wowerenga wa ku Dedza kapena ku Mulanje waona kale munthu wa mphamvu, mwini mbumba, amene amakhala patsogolo pa ukwati ndi pamaliro. Patsamba la 12 mukupeza kuti ankolo aja ndi mng'ono wa bambo ake a mwanayo. Amenewo kwathu kuno ndi bambo aang'ono. Mwasintha banja lonse, mwapatsa munthu udindo umene wolemba sanamupatse.

Ndipo musaiwale iwe ndi inu. M'nkhani ya chikondi, tsiku limene mtsikana wasiya kunena inu n'kuyamba kunena iwe kwa mnyamata ndi tsiku lalikulu. Tsiku limene mkazi wokwiya wauza mwamuna wake kuti iwe pamaso pa anthu, mudzi wonse umadziwa kuti zavuta. Chingerezi chilibe chida chimenechi, ife tili nacho, koma simungachigwiritse ntchito ngati simukudziwa kumene anthu awiriwo akupita. Womasulira amene sanawerenge nkhani yonse amangosankha chimodzi patsamba loyamba n'kuchikoka mpaka kumapeto, kapena amasinthasintha mosadziwa, lero iwe, mawa inu, popanda chifukwa.

Taganizirani buku lodziwika lija la Chinua Achebe, la Okonkwo, limene a Benedicto Wokomaatani Malunga analimasulira n'kulitcha Chipasupasu. M'bukumo muli kaliwu ka Chiigbo kakuti chi, kotanthauza kamulungu ka munthu payekha, kamene kamayenda ndi moyo wake. Kamayamba kuoneka kumayambiriro, pokamba za Unoka, bambo ake a Okonkwo, amene zinthu sizinkawayendera. Mutangowerenga pamenepo pokha mukhoza kulemba kuti tsoka kapena mwayi n'kupitirira. Koma kaliwu komweko kamabweranso pamene Okonkwo akukwera ndi khama lake, n'kudzabweranso atathamangitsidwa kupita kwawo kwa amayi ake ku Mbanta kwa zaka zisanu ndi ziwiri, pamene akudzifunsa ngati chi wake anamupangira zazikulu. Liwu limene mwasankha pa Unoka liyenera kudzatha kunyamula malo onsewo. Kaya mulisiya momwemo kuti chi, kaya mupeza la Chichewa, chigamulocho chimafunika patsamba loyambirira, koma umboni wake uli pakati ndi kumapeto kwa buku. Mungagamule bwanji mlandu mboni zisanalankhule?

Tsopano pali zifukwa zitatu zimene ndimamva kwa anthu okana kuwerenga kaye, ndipo chimodzi chokha ndi chimene ndimachilemekeza.

Ena amati nthawi palibe, mwini pepala akudikira. Ameneyu ndimamumvetsa, chifukwa inenso kasitomala akaima pabenchi sindifuna achoke. Koma werengerani bwino. Kuwerenga tsamba limodzi ndi mphindi zisanu, kulimasulira bwino ndi ola lathunthu kapena kuposa. Amene akuti akupulumutsa nthawi akupulumutsa kachigawo kakang'ono, n'kudzataya yambiri pofufuta. Ndipo mwini pepala amene sangadikire mphindi 30 kuti mumve zimene akufuna kusaina, ndiye amene akufunika kwambiri kuti mumudikiritse.

Ena amati ndidzabwerera n'kukonza. Bodza limeneli ndimalidziwa bwino chifukwa ndinadzinamiza nalo. Choyamba, simubwerera. Mukafika kumapeto mwatopa, ndipo zimene munalemba dzulo zimaoneka zabwino chifukwa ndi zanu. Chachiwiri, ngakhale mubwerere, mumakonza mawu amene mukuwakumbuka, koma kamvekedwe konse kamene munayamba nako kamatsala. Kope langa likanakhalabe lonyengerera ngakhale ndikanafufuta chitetezo. Chachitatu, ndipo ichi ndi cha masiku ano, timatumiza zinthu zisanathe. Gawo loyamba lapita kale pafoni, anthu awerenga, ena atumizira anzawo. Mukazindikira pa gawo lachinayi kuti malume aja si malume, mukakonza m'mafoni a anthu angati? Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Womasulira amene watumiza theka asanaone theka linalo ndi kandimverere wodzituma yekha.

Chifukwa chachitatu ndi cha alembi enieni, ndipo chili ndi nzeru. Amati ndikawerenga nkhani yonse, chidwi chimatha. Ndikufuna ndizidabwa pamodzi ndi wowerenga wanga, kuti kudabwako kulowe m'Chichewa changa. Zokoma kumva. Koma taganizani, wolemba nkhaniyo ankadziwa mathero ake pamene ankakonza tsamba loyamba. Anatchera misampha mwadala. Anaika liwu la matanthauzo awiri m'ndime yachiwiri kuti lidzaphulike kumapeto. Anabisa dala kuti wolankhulayo ndi mkazi. Inu amene simukudziwa mathero mudzasankha tanthauzo limodzi n'kupha linalo, kapena mudzaulula chinsinsi ndi liwu limodzi ngati mlongo. Kudabwa ndi gawo la wowerenga. Inu munadabwa kale pamene munkawerenga koyamba, sungani kukumbukira mmene zinakukhudzirani, ndipo ntchito yanu ndi kutcheranso msampha womwewo m'Chichewa. Agogo akamaimba nthano madzulo sadabwa kuti Kalulu wapulumuka. Amadziwa, n'chifukwa chake amadziwa pochedwa ndi pothamanga.

Mmene ndimachitira tsopano ndi mophweka, ndipo sindinaphunzire kukoleji. Ulendo woyamba ndimawerenga chonse popanda cholembera m'manja, mpaka mzere womaliza, ngakhale timalemba tating'ono ta pansi ndi za kuseri kwa pepala. Ndikamaliza ndimalitembenuza, n'kudziuza ndekha mokweza, m'Chichewa, m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, kuti walemba ndani, akulembera yani, akufuna kuti wowerengayo achite chiyani. Ndikalephera kunena zimenezo ndiye kuti sindinamve, ndipo ndilibe chilolezo choyamba. Pa chikalata chija yankho likanakhala lakuti: bungwe likuuza amayi khumi kuti likuwabwereketsa ndalama, ndipo mmodzi akathawa enawo adzalipira. Chiganizo chimodzi chimenecho chikanapulumutsa kope lonse.

Funso loti akulembera yani lili pawiri, ndipo apa ambiri timapunthwa. Chingerezi chija analembera maloya ndi maofisala. Chichewa changa chinali cha amayi amene ena mwa iwo sawerenga, adzangomva ndi makutu pakati pa phokoso la msika. Munthu womva ndi makutu sangabwerere m'mbuyo kukaona kanyenyezi. Choncho ziganizo ziyenera kufupika, ndipo chimene chabisika patsamba lachinayi chiyenera kumveka pamene liwulo layamba kutchulidwa. Sindisintha pangano la eni ake ayi, ndimalimasulira monga lilili, koma pambali ndimaika mawu anga, olembedwa poyera kuti awa ndi a womasulira: onani tsamba lachinayi, chikole ichi chikhoza kudulidwa chifukwa cha mnzanu. Mawu a pambali oterowo simungawalembe ngati tsamba lachinayilo simunalione.

Ulendo wachiwiri ndimawerenga ndi pensulo. Ndimazunguliza liwu lililonse limene labwera kawiri kapena kuposa ndipo likuoneka kuti lanyamula katundu. Ndimazunguliza nambala iliyonse, n'kufunsa kuti ya chiyani, pamwezi kapena pachaka, ya munthu mmodzi kapena ya gulu. Ndimazunguliza yu aliyense, wachibale aliyense, ndi mawu onse amene ndikuwadziwa kwambiri. Inde, amene ndikuwadziwa. Liwu lachilendo silivuta, limakuimitsa lokha n'kukutumiza kukafunsa. Oopsa ndi aja a tsiku ndi tsiku amene avala malaya ena. M'mapepala a ngongole muli liwu lija limene kutchalitchi timalimasulira kuti chisomo, koma m'menemo limangotanthauza masiku opumira musanayambe kubweza, ndipo nthawi zambiri chiwongoladzanja chimakhala chikuwerengedwabe. Muli pulinsipo, amene si mkulu wa sukulu koma ndalama imene munabwereka isanabale. Mtanthauziramawu adzakupatsani matanthauzo onse, koma sangakuuzeni limene mwini pepala akufuna. Zimenezo zimanenedwa ndi pepala lenilenilo, kawirikawiri kutsogolo kumene simunafike.

Kenako patsamba lomaliza la kope ndimalemba mawu ozungulizidwawo, lililonse ndi Chichewa chake chimodzi, ndipo sindisinthanso pokhapokha pali chifukwa chimene ndingathe kuchifotokoza. Pansi pake ndimalemba mafunso opita kwa mwini pepala. Kufunsa kumakoma musanayambe. Mukapita ndi mafunso asanu nthawi imodzi, ofisala amakuonani ngati munthu wodziwa ntchito. Mukamabwera ndi funso limodzi tsiku lililonse, amayamba kukubisalirani.

Ndivomereze kuti pali malo amene zimenezi sizitheka. Wotanthauzira mlaliki paguwa, kapena wa kukhoti, sangawerenge mawu amene sanalankhulidwe. Koma taonani odziwa ntchitoyo, amapita kwa abusa mapemphero asanayambe kukafunsa kuti lero tiwerenga pati, mutu ndi wotani. Akufuna kupisa dzanja m'dengu ngakhale pang'ono. Ngati munthu amene alibe pepala amayesetsa chotero, inu amene pepala lonse lili m'manja mwanu mudzanamizira chiyani? Ndivomerezenso kuti kuwerenga kaye sikukupatsani nzeru zimene mulibe. Ine ndikanawerenga masamba asanu aja sindikanasanduka loya. Koma ndikanadziwa kuti ndime ya patsamba lachinayi ikundipitirira, ndipo ndikanapita nayo kwa wina Lachinayi m'mawa, m'malo moimeza ndekha pakati pa usiku.

Ndipo kwa inu amene mumapereka ntchito, musamadule chikalata n'kugawira anthu atatu, uyu masamba oyamba, uyu apakati, uyu omaliza, kuti zithe msanga. Aliyense adzabwera ndi chikole chake, chitetezo chake ndi pinyolo wake. Ngati n'kofunikadi kugawana, onse atatu awerenge chonse, akhale pansi agwirizane mawu, kenako agawane. Musamatumizenso chithunzi cha ndime imodzi n'kumati tandimasulireko apa pokha. Apa pokha palibe. Ine masiku ano ndimayankha kuti tumizani chonse kapena funsani wina.

Pamsika mpaka lero pali amayi awiri amene amanditcha Nachitetezo. Amaseka akamatero, inenso ndimaseka, koma tonse timadziwa kumene dzinalo linachokera. Mwezi wathawu gulu lina la mzere wa kaunjika linandibweretsera chikalata cha bungwe linanso, masamba asanu ndi awiri, akufuna mawa lake. Wapampando wawo anaima pabenchi panga n'kumati ndiyambe pomwepo, iye azimvera. Ndinamupatsa mpando ndi nthochi ziwiri, n'kumuuza kuti agulitseko tomato wanga. Ndinakhala kuseri kwa matumba a anyezi n'kuwerenga mpaka kumapeto. Patsamba lachisanu ndi chimodzi panali mndandanda wa katundu wa m'nyumba amene aliyense ayenera kulembetsa, mabedi, mawailesi, malata, ndi mzere woti amuna awo asainenso. Tsamba loyamba silinatchule zimenezo ngakhale pang'ono. Nditatuluka ndinamufunsa ngati amuna awo akudziwa kuti Lachisanu akufunika ku ofesi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa foni n'kuyamba kuimbira anzake mmodzimmodzi.